Akaunti Iliyonse ndi Nambala Yake: Kukonza Mndandanda wa Maakaunti a Bizinesi Yatsopano

[Nyimbo yotsegulira]

Ino ndi pologalamu yathu ya za bizinesi ndi kasungidwe ka mabuku a ndalama. Amene muli pafupi ndi cholembera ndi pepala, zisendezeni, chifukwa lero muli manambala angapo ofunika kuwalemba.

Nkhani ya lero ndi ya mndandanda wa maakaunti, umene akatswiri owerengera ndalama amautchulanso kuti tchati cha maakaunti. Akaunti ndi tsamba limodzi la m'buku, kapena mzere umodzi pakompyuta, pamene timasonkhanitsa ndalama za mtundu umodzi. Lendi ili ndi tsamba lake, malipiro a antchito ali ndi tsamba lawo, ndalama za kubanki zilinso ndi lawo. Mndandanda wa maakaunti ndi pepala lotchula masamba onsewo, lililonse ndi dzina lake komanso nambala yake. Papepalali sipalembedwa ndalama ngakhale tambala imodzi. Ntchito yake ndi kukuuzani kuti risiti imene ili m'manja mwanuyo ikalembedwe pati.

Mfundo yanga lero ndi imodzi. Mndandanda wabwino sukoperedwa kwa mnzanu, umachokera pa mafunso amene inu mwini bizinesi mukufuna kuti mabuku anu azikuyankhani mwezi ukatha. Funso limene simunalitsegulire akaunti, mabuku sadzakuyankhani, ngakhale mutalemba risiti iliyonse mosaphonya.

Kuti tisalankhule za m'malere, tiyerekeze mayi wina amene watsegula bizinesi pamalo ena ochitira malonda. Wagula chigayo chogaya ndi chokonola, ndipo pambali pake watsegula kagolosale ka shuga, sopo, mafuta ophikira ndi mchere. Madeya otsala pokonola amawagulitsa kwa oweta nkhumba ndi nkhuku. Ali ndi antchito atatu: mnyamata wa pachigayo, mtsikana wa m'golosale, ndi mlonda. Ndalama zonse ndizitchule pano ndi zongoyerekeza, kuti tione kayendedwe kake.

Mayiyu asanalembe dzina la akaunti ngakhale limodzi, ayambe walemba mafunso ake. Kodi chikundidyetsa ndi chiti, chigayo kapena golosale? Kodi magetsi akudya gawo lalikulu bwanji la ndalama za chigayo? Kodi anthu andikongola zingati, nanga ine ndili ndi ngongole ya zingati? Kodi ndikutapa zingati kupita nazo kunyumba? Mafunso anayi amenewa ndi amene atitsogolere pa chilichonse tichite.

Tiyambe ndi magulu. Ndalama iliyonse yodutsa m'bizinesi, kaya ndi kagolosale kaya ndi kampani yaikulu ya shuga, imagwa m'gulu limodzi mwa magulu asanu. Loyamba ndi chuma cha bizinesi, kutanthauza zonse zimene bizinesi ili nazo: ndalama, katundu wa m'mashelefu, makina, komanso ndalama zimene anthu akongola ndipo adzabweza. Lachiwiri ndi ngongole, zimene bizinesi iyenera kupereka kwa ena. Lachitatu ndi mpamba wa mwini. Lachinayi ndi zolowa, ndalama zimene bizinesi yapanga pogulitsa katundu kapena pogwirira anthu ntchito. Lachisanu ndi zowononga, ndalama zimene zatha poyendetsa bizinesi.

Magulu atatu oyambawo amamangana ndi lamulo limodzi: chuma chonse cha bizinesi chimafanana ndi ngongole kuphatikiza mpamba. Kalembedwe kotsata lamuloli, kolemba chinthu chilichonse mbali ziwiri, si kadzulo. Luca Pacioli anakafotokoza m'buku lake losindikizidwa ku Venice m'chaka cha 1494, ndipo amalonda a ku Italy anali atakagwiritsa kale ntchito iye asanalembe. Tione kwa mayi wathu. Waika K6,000,000 yake, wabwereka K4,000,000 kubanki. Wagula makina a K7,200,000, waoda katundu wa m'golosale wa K1,500,000, ndipo kubanki kwatsala K1,300,000. Mukaphatikiza makina, katundu ndi za kubankizo, mupeza K10,000,000. Mukaphatikiza ngongole ndi mpamba, mupezanso K10,000,000. Tsiku loyamba lomwelo, asanagaye ndi chitini chimodzi chomwe, wagwiritsa kale ntchito maakaunti asanu a m'magulu atatu.

Tsopano manambala. Chizolowezi chofala kwathu kuno, chimenenso mungachipeze m'mapologalamu ambiri a pakompyuta, ndi chakuti nambala yoyamba iziuza gulu. Akaunti yoyamba ndi 1 ndi chuma. Yoyamba ndi 2 ndi ngongole. Ya 3 ndi mpamba, ya 4 ndi zolowa. Zowononga ambiri amazigawa pawiri: 5 ya zowononga zokhudza mwachindunji chinthu chimene mwagulitsa, ndi 6 ya zowononga zoyendetsera bizinesi yonse. Dongosololi silinangobwera. Likutsata mmene malipoti awiri a kumapeto kwa chaka amasanjidwira: 1, 2 ndi 3 amapita pa lipoti loonetsa mmene bizinesi ilili pa tsiku lotsekera, pamene 4, 5 ndi 6 amapita pa lipoti la phindu.

Pano ndichenjeze anzathu amene mukutimvera kuchokera ku Tete ndi madera ena a ku Mozambique. Kumeneko boma linakhazikitsa mndandanda wake umene makampani amatsata, monga zilili ku France, ndipo manambala ake ndi osiyana ndi amene ndikutchulawa: zowononga zili pa 6, zolowa pa 7. Ngati bizinesi yanu inalembetsedwa kumeneko, tsatani manambala a boma. Maganizo a kagawidwe ndi omwewa, koma manambala musatengere anga.

Ndikulangiza manambala a madijiti anayi, monga 1010 kapena 4020. Atatu amatha msanga, ndipo asanu ndi umodzi ndi mtolo wolemetsa kwa bizinesi ya antchito atatu. Chachikulu ndi kusiya mipata. Musalembe 1001, 1002, 1003 motsatizana. Dumphani makumi: 1010, 1020, 1030. Munthu wanzeru akamamanga pamalo a makolo samamatiza nyumba, amasiya malo oti ana adzamangepo akakula. Mawa mayi wathu akatsegula akaunti kubanki ina, aiika pa 1025, pafupi ndi inzake, m'malo moiponya kumapeto kwa mndandanda kumene palibe angaiganizire.

[Nyimbo pang'ono]

Tabweranso, ndipo tsopano tiyende gulu ndi gulu, tikumanga mndandanda wa mayi wa chigayo.

M'gulu la 1 timayamba ndi zimene zili kale ndalama, n'kumatsikira ku zimene zimavuta kusandutsa ndalama. Pa 1010 tiika ndalama za m'dilowa. Pa 1020, za kubanki. Pa 1030, za pa Airtel Money. Pa 1040, za pa TNM Mpamba. Wina afunsa kuti, bwanji osangoti ndalama basi, akaunti imodzi? Chifukwa chake n'chakuti malo aliwonse osungira ndalama ayenera kutheka kuwerengedwa paokha. Madzulo muwerenga za m'dilowa n'kuyerekeza ndi 1010. Muyang'ana pafoni n'kuyerekeza ndi 1030. Zikasiyana, mudziwa pomwepo poyambira kufufuza. Mukaziphatikiza, K20,000 ikasowa simudziwa ngati yasowera m'dilowa kapena pafoni.

Pali phindu linanso. Mayiyu akachotsa K300,000 pafoni n'kukaika kubanki, ndalamayo yangochoka pa 1030 kupita pa 1020. Sinakhudze gulu la 4 ayi. Ambiri amene alibe maakaunti osiyanawa amailemba kawiri ngati zolowa, koyamba kasitomala atalipira pafoni, kachiwiri itafika kubanki. Mapeto ake mabuku amaonetsa malonda amene sanachitike, ndipo munthu atha kulipira msonkho pa ndalama zimene sanapange.

Pa 1100 tiika ndalama zimene makasitomala atikongola. Apa pali msampha umene umagwira anthu ambiri akhama. Amatsegula akaunti ya aphunzitsi amene amatenga shuga kudikira malipiro, ina ya mayi wa lesitilanti, ina ya bambo woweta nkhumba, mpaka mndandanda umafika masamba anayi. Ayi. Pamndandanda pakhale akaunti imodzi yokha, 1100. Mayina a okongola akhale m'kabuku kena ka ngongole, aliyense tsamba lake. Mwezi ukatha muphatikize masamba onse a m'kabukuko, ndipo chiwerengero chifanane ndi cha pa 1100. Chikapanda kufanana, ndiye kuti pali amene anabweza koma simunamufufute, kapena amene anatenga koma simunamulembe.

Pa 1200 tiika katundu wa m'golosale, pamtengo umene tinaodera, osati umene tigulitsire. Kenako tidumpha mpaka 1500, kumene kumayambira zinthu zokhalitsa zaka. Pa 1500 pali makina a chigayo. Pa 1590 pali kutha kwa makinawo. Ngati tikuyembekeza kuti makina a K7,200,000 agwira ntchito zaka 10, ndiye kuti chaka chilichonse akutha ndi K720,000, kapena kuti K60,000 pamwezi. Ndalama imeneyi imaunjikana pa 1590 n'kumachotsedwa pa mtengo wa makina. Tikusunga maakaunti awiri kuti nthawi ina iliyonse tizidziwa zinthu ziwiri: tinagula zingati, ndipo atha ndi zingati.

Mudziikirenso malire a zimene zikuyenera kulowa pa 1500. Sikelo ya K25,000 kapena ndowa sizifunika kuziwerengera kutha kwa zaka. Mungagamule kuti chilichonse chochepera K100,000 chizipita ku zowononga, ndipo lamulo limenelo mulilembe pansi kuti lisamasinthe ndi mmene mwadzukira.

Gulu la 2 ndi la ngongole, ndipo timayamba ndi zofunika kubweza msanga. Pa 2010 pali ngongole kwa amene amatipatsa katundu, monga a holoselo amene amalola kulipira pakatha sabata ziwiri. Nawonso mayina awo akhale m'kabuku kapadera. Pa 2100 pali msonkho wa PAYE umene mwadula pa malipiro a wantchito, ngati malipiro ake afika podulidwa. Pa 2110 pali ndalama za penshoni. Ku Malawi, kumene lamulo la penshoni likukhudza bizinesi yanu, wantchito amadulidwa 5 kwacha pa 100 kwacha iliyonse, bwana n'kuonjezerapo 10 kwacha. Mvetsetsani apa: ndalama zimenezi, kuyambira tsiku mwazidula mpaka tsiku mwazipereka, si zanu. Mwangosungira a MRA ndi a kampani ya penshoni. N'chifukwa chake zili m'gulu la ngongole. Zikakhala zilibe akaunti yake zimasakanikira ndi za kubanki, munthu n'kuoderamo shuga, tsiku lolipira likakwana thukuta lili kamukamu.

Nambala 2120 isungireni msonkho wa VAT. Bizinesi yaing'ono mwina sinafike polembetsa msonkhowu, koma ikadzakula malo akhale alipo kale. Pa 2500 pali ngongole ya kubanki ija ya K4,000,000.

Tione zimene zimachitika pobweza ngongoleyi, chifukwa apa mpamene mabuku ambiri amasokonekera. Tinene kuti mwezi woyamba mayiyu walipira kubanki K320,000. Mwa ndalama imeneyi, K200,000 ndi yobweza ngongole yeniyeniyo, K120,000 ndi chiwongoladzanja. Risiti ndi imodzi, koma maakaunti ndi awiri. K200,000 ikutsitsa 2500, kuchoka pa K4,000,000 kufika pa K3,800,000. K120,000 yokha ndi imene ikupita ku zowononga. Mukalemba K320,000 yonse ngati zowononga, phindu lioneka lochepa ndi K200,000, ndipo ngongole m'buku mwanu siitsika mpaka kalekale, pamene kubanki ikutsika. Mudzazindikira vutoli mukadzayerekeza 2500 ndi sitetimenti ya kubanki.

Gulu la 3 ndi lalifupi, maakaunti atatu okha, koma muli imodzi imene imapulumutsa mabizinesi. Pa 3010 pali mpamba umene mwini waika. Pa 3030 pali phindu la zaka zam'mbuyo limene lasiyidwa m'bizinesi. Pakati pake, pa 3020, pali zimene mwini watenga. Fizi ya mwana, ndalama ya chipepeso pamaliro, paketi ya shuga yopita kunyumba, zonsezi zilembedwe pa 3020. Palibe cholakwa kutenga, bizinesi ndi yanu. Cholakwa ndi kulemba fizi ngati zowononga za bizinesi, kapena kusalemba n'komwe. Shuga ndi sopo wa K50,000 akapita kunyumba osalembedwa, powerenga katundu kumapeto kwa mwezi padzaoneka kuperewera, ndipo woyamba kuganiziridwa kuba adzakhala mtsikana wa m'golosale, amene sanalakwe kanthu.

[Nyimbo pang'ono]

Tafika pa mtima wa nkhani yathu, magulu a 4, 5 ndi 6, kumene funso loyamba la mayi uja liyankhidwe.

Akadafuna, mayiyu akadangotsegula akaunti imodzi yotchedwa malonda. Koma iye akufuna kudziwa chimene chikumudyetsa, choncho agawa zolowa potsata magwero ake. Pa 4010, kugaya. Pa 4020, kukonola. Pa 4030, madeya. Pa 4100, golosale. Onani kuti zitatu za chigayo zili pamodzi tisanafike pa 4100, ndipo golosale yayambira pa zana lake. Onaninso kuti sitinatsegule akaunti ya shuga, ina ya sopo, ina ya mchere. Kudziwa kuti sopo watuluka mabala angati ndi ntchito ya buku la sitoko, osati ya mndandanda wa maakaunti.

Gulu la 5 lizikhala moyang'anana ndi gulu la 4. Pa 5010, magetsi a chigayo. Pa 5020, zosinthasintha za makina, monga sefa, mahamala, malamba ndi girisi. Pa 5030, malipiro a mnyamata wa pachigayo. Pa 5100, mtengo woodera katundu amene wagulitsidwa m'golosale. Mwaona kuti 4100 ikuyang'anana ndi 5100? Mukachotsa 5100 pa 4100, mwapeza phindu loyamba la golosale popanda kusakasaka.

Kodi mungadziwe bwanji kuti chinthu chipite ku 5 kapena ku 6? Dzifunseni kuti, ntchito imeneyi itaima, ndalama iyi ingalekenso kutuluka? Chigayo chikaima, mayunitsi a mota saguliwa, sefa siibooka. Zimenezo ndi za ku 5. Koma lendi ilipiridwabe, mlonda alandirabe. Zimenezo ndi za ku 6. Magetsi a ESCOM ndi chitsanzo chabwino chosonyeza kuti dzina la chinthu silokwanira kukuuzani gulu lake. Kwa telala kapena wa golosale yokha, magetsi ndi a ku 6. Kwa wa chigayo, magetsi ndiwo amagaya ufa, choncho ndi a ku 5. Apa mpamene pamagona kuipa kwa kukopera mndandanda wa mnzanu amene ali ndi bizinesi ya mtundu wina.

M'gulu la 6 tiika izi: 6010 lendi, 6020 malipiro a wa m'golosale ndi mlonda, 6030 mayendedwe, 6040 ndalama zimene banki ndi makampani a foni amadula, 6050 kutha kwa makina, 6060 chiwongoladzanja, 6070 chiphaso cha bizinesi cha kukhonsolo, ndipo kumapeto kwenikweni 6900, zina ndi zina. Mukawerenga maakaunti onse amene tatchula, angopitirira pang'ono 30. Akukwana papepala limodzi, ndipo kwa bizinesi ya msinkhu uwu n'zokwanira.

Tsopano mwezi watha, tione zimene mabuku akunena. Kugaya kwabweretsa K900,000, kukonola K500,000, madeya K200,000. Chigayo chonse, K1,600,000. Golosale yabweretsa K2,400,000. Poona ndi maso, golosale ndiyo ikutsogola, ndipo mayiyu akadakhala ndi akaunti imodzi ya malonda akadangoona K4,000,000 n'kumaganiza zokulitsa golosale, poti ndiko kukulowa ndalama zambiri m'dilowa.

Tiyang'ane gulu la 5. Magetsi a chigayo adya K550,000, zosintha za makina K100,000, malipiro a mnyamata K150,000. Zonse pamodzi K800,000. Chigayo chatsala ndi K800,000, theka la zimene chinabweretsa.

Kwa golosale pafunika kuwerenga katundu. Mwezi unayamba ndi katundu wa K1,500,000. Mkati mwa mwezi waoda wina wa K2,000,000. Powerenga m'mashelefu tsiku lomaliza wapeza wa K1,400,000. Ndiye kuti katundu amene watuluka ndi wa K2,100,000, ndipo imeneyo ndiyo ikupita pa 5100. Chotsani pa K2,400,000, patsala K300,000 yokha. Pamenepo mtsikana wa m'golosale sanalandire. Akalandira K130,000 yake, golosale yatsala ndi K170,000.

Yankho lapezeka. Golosale ikupanga phokoso, koma chikudyetsa banja ndi chigayo. Mayiyu waonanso kuti pa 100 kwacha iliyonse yolowa kuchigayo, yoposa 34 kwacha ikupita ku magetsi. Mwezi wina chiwerengero chimenechi chikadzakwera pamene mtengo wa mayunitsi sunasinthe, adzadziwa kuti pali chofufuza: mwina mahamala atha ndipo mota ikulimbana nthawi yaitali ndi chitini chimodzi, kapena pali zitini zikugayidwa ndalama yake osafika m'dilowa. Zonsezi wazidziwa chifukwa cha mmene anasanjira maakaunti pa tsiku loyamba, osati chifukwa cha masamu ovuta.

Mwina wina wazindikira kuti malipiro a mtsikana uja akadatha kukhala ndi akaunti yawoyawo m'gulu la 5, tinene pa 5110, kuti aziyang'anana ndi golosale. N'zoona, ndipo ngati ntchito yake ndi ya m'golosale mokha, kutero n'kwabwino. Ngati amathandizanso kulandira ndalama za kuchigayo ndi kusesa pamalo ponse, asiyeni pa 6020. Chofunika ndi kusankha kamodzi n'kukhala pomwepo, kuti mwezi uno uziyerekezeka ndi mwezi wathawu.

[Nyimbo pang'ono]

M'chigawo chomalizachi tione mmene mungadziwire kuti mndandanda wanu wayamba kudwala.

Chizindikiro choyamba chili pa 6900. Akaunti ya zina ndi zina ndi ya tinthu tosabwerezabwereza, monga loko watsopano wa pachitseko. Mukaiona ikukula mpaka kupikisana ndi lendi, itseguleni muone zili m'katimo. Kawirikawiri mupeza chinthu chimodzi chikubwera mwezi ndi mwezi, monga matumba kapena mayunitsi a foni. Chimenecho chakula, chipatseni akaunti yake pa umodzi wa mipata imene munasiya.

Chachiwiri ndi kukhala ndi maakaunti ochuluka mopyola. Chaka chikatha akaunti isanalembedwemo kanthu, kapena ngati muli ndi akaunti ya mabulashi, ina ya matsache, ina ya sopo wokolopera, mwagawa kwambiri. Muyeso wake ndi uwu: kodi nditadziwa chiwerengero cha akaunti imeneyi payokha, pali chimene ndingachite mosiyana? Kodi a msonkho kapena a banki adzachifuna pachokha? Mayankho onse akakhala ayi, iphatikizeni ndi inzake.

Chachitatu ndi pamene anthu awiri akulemba chinthu chimodzi m'malo osiyana. Mayi amalemba ndalama ya kabaza wonyamula katundu wa kuholoselo pa mayendedwe, mwana wawo akamathandiza Loweruka amailemba pa katundu wa golosale. Aliyense ali ndi mfundo yake, ndipo kunena zoona akatswiri amawerengera ndalama yobweretsera katundu pa mtengo wa katunduyo. Koma vuto lenileni ndi lakuti mndandanda sunanene. Mankhwala ake ndi kulemba chiganizo chimodzi pambali pa akaunti iliyonse. Mwachitsanzo, 6030, mayendedwe: maulendo a kubanki ndi kukhonsolo, osati kunyamula katundu wogulitsa.

Chachinayi ndi akaunti imene yatembenuka. Buku likamati m'dilowa muli ndalama zochepera pa ziro, kapena kuti a holoselo ndi amene ali ndi ngongole kwa inu pamene simunawalipire mopyola, dziwani kuti pali risiti imene inalowa pakhomo polakwika. Bwererani m'mbuyo mwezi umenewo muipeze.

Nanga mukafuna kusintha? Kuonjezera akaunti yatsopano mungachite tsiku lililonse, mipata ilipo. Koma kuphatikiza, kugawa kapena kusamutsa maakaunti, dikirani poyamba chaka chatsopano cha mabuku, kuti miyezi ya chaka chimodzi ikhale yofanana kalembedwe. Ndipo nambala imene inagwirapo ntchito musaipatse chinthu china. Mayiyu akadzasiya kugulitsa madeya, 4030 ingotsekedwa n'kukhala. Akaipatsa malonda a mazira, tsiku lina poyerekeza zaka adzaphatikiza mazira ndi madeya osadziwa.

Amene mukugwiritsa ntchito mapologalamu monga QuickBooks kapena Sage, mudzapeza mndandanda wokonzeratu mukangotsegula. Musaulandire wonse mmene ulili. Muli maakaunti amene simudzawagwiritsa ntchito, ndipo mulibe akaunti ya kukonola kapena ya madeya. Yambani papepala, kenako mukonze za pakompyutazo kuti zifanane ndi pepala lanu. Ngati muli ndi wowerengera ndalama amene adzakutsekereni mabuku kumapeto kwa chaka, muonetseni pepalalo musanayambe kulemba, chifukwa kukonza akaunti yopanda kanthu n'kosavuta kusiyana ndi kusamutsa marisiti a miyezi khumi.

Ntchito ya sabata ino nayi. Lembani mafunso anayi kapena asanu amene mukufuna mabuku anu aziyankha. Sanjani maakaunti m'magulu kuyambira 1 mpaka 6, mukudumpha makumi. Mukatero tengani marisiti 20 a mwezi wathawu, osasankha, ndipo pa iliyonse mulembe nambala ya akaunti yake ndi pensulo. Kenako mupatse munthu wina wa pabizinesi panu marisiti omwewo, manambala anu mutabisa, naye alembe ake. Pamene mwagwirizana, mndandanda uli bwino. Pamene mwasiyana, kapena pamene risiti yasowa kolowera, mpamene pakufunika kukonza dzina, kuonjezera chiganizo chofotokoza, kapena kutsegula akaunti yatsopano.

Sabata ya mawa nthawi ngati yomwe ino tidzatenga manambala omwewa n'kuona kalembedwe ka buku la ndalama za tsiku ndi tsiku, komanso mmene mungaliyerekezere ndi sitetimenti ya kubanki. Pepala lanu lija mudzabwere nalo.

[Nyimbo yotsekera]